Zitsulo Zikatha Bimu Isanazungulire Nyumba

Pamalo omangira nyumba pali mkangano umene subwera kamodzi. Mwininyumba wayeza yekha makoma ndi tepi, wawerengera bwinobwino, wagula zitsulo ku hadiweya ndi kulipira lole. Ntchito ili m'kati, foni ikulira: "Bwana, ma Y12 atha, koma kwatsala mbali imodzi." Choyamba chimene chimafika m'mutu mwa bwanayo ndi chakuti anyamata asolola zitsulo usiku. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri sipakhala wakuba ayi. Zitsulozo zinapelewera pa pepala pomwe, chifukwa wowerengera anangoyeza kutalika kwa makoma osaganizira zinthu ziwiri: malo amene chitsulo chimagonerana ndi chinzake polumikiza, amene amisiri amati lapu, ndi mpata wa konkire umene uyenera kukuta chitsulo mbali zonse, umene amati kava.

Mmisiri amene waimba foni uja ngwabwino, chifukwa wanena. Woopsa ndi amene amaopa kukalipiridwa, n'kungokhala chete. Iyeyo amazunguliza bimu yonse ndi zitsulo zomwe zilipozo, ndipo pamene amapezera mamita osowawo ndi pa lapu. Pofunika masentimita 60 amagoneka 20, n'kumanga waya wambiri kuti pazioneka polimba. Konkire akathiridwa, palibenso amene adzaone.

Chimene chimagwira pa lapu

Zitsulo zomangira nthawi zambiri zimagulitsidwa zotalika mamita 12. Nambala imene ili pa dzina lake ndi kunenepa kwake m'mamilimita: Y12 ndi chitsulo chamizeremizere cha mamilimita 12, Y16 cha mamilimita 16, pamene R6 ndi chosalala cha mamilimita 6. Khoma likapitirira mamita 12, kapena chitsulo chikafunika kukhota pakona, kapena chipilala chikamakwera kuchokera pa maziko, pamayenera kukhala polumikiza.

Aliyense amene anakhomapo denga la udzu akudziwa kulumikiza mitengo iwiri yaifupi: umaigoneka mopitana n'kuikulunga ndi luzi, ndipo mphamvu yonse ili mu luzimo. Anthu ambiri amaganiza kuti pa zitsulo zilinso chimodzimodzi, kuti waya womangira ndiye luzi. Si choncho. Ntchito ya waya ndi kungoletsa zitsulo kusuntha pamene konkire akuthiridwa. Konkire akauma, wayayo alibenso chochita. Chimene chimalumikiza zitsulo ziwirizo ndi konkire yemweyo. Chitsulo choyamba chikakokedwa, mizere yake imakankha konkire woizungulira, konkireyo n'kukankha mizere ya chitsulo chachiwiri. Mphamvu imawoloka pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, kutalika konse kwa lapu.

Ndipo mphamvu yake si yamasewera. Chitsulo chimodzi cha Y12 chimatha kukokedwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani asanu chisanayambe kutamuka. Konkire wamba amagwira pang'ono pa sentimita iliyonse ya chitsulo, choncho kuti matani asanuwo awoloke onse pamafunika mtunda wokwanira. N'chifukwa chake lapu imawerengedwa potengera kunenepa kwa chitsulo. Chizolowezi cha amisiri ambiri ndi kuchulukitsa kunenepako ka 40 kapena ka 50. Tikatenga 50, Y10 amafuna mamilimita 500, Y12 amafuna 600, Y16 amafuna 800. Lapu ya mamilimita 200 pa Y12 imawolotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene chitsulocho chikanasenza. Munalipira chitsulo chathunthu, koma pamalo amenewo nyumba yanu yalandira gawo limodzi lokha.

Kuchulukitsa ka 50 ndi poyambira chabe, si lamulo lomaliza. Konkire wofooka amafuna lapu yaitali kuposa konkire wolimba. Chitsulo chosalala chimafuna yaitali kuposa chamizere, ndipo nsonga zake zimapindidwa ngati mbedza. Malamulo a ku Britain a BS 8110, amene mainjiniya ambiri a kuno anaphunzira nawo ntchito, amati lapu isachepere mamilimita 300 ngakhale chitsulo chitakhala chaching'ono. Amatinso lapu imene ili kumtunda kwa bimu kapena pakona, ngati kava yake ndi yochepera kunenepa kwa chitsulo kawiri, italikitsidwe pochulukitsa ka 1.4, ndipo zonse ziwiri zikakumana pamalo amodzi, ichulukitsidwe kawiri. Apa mukuona kale kuti lapu ndi kava n'zogwirizana: konkire wokuta chitsulo akachepa, amang'aluka msanga chitsulo chikamakoka, ndiye lapu iyenera kutalika kuti katundu agawikane. Ngati pulani ya injiniya yalemba nambala, tsatani imeneyo, osati ya m'magazini ino.

Malo oika lapu nawonso amasankhidwa. Bimu yodutsa pamwamba pa mpata, monga pakhomo la galaja, ikamalemedwa imakokeka kwambiri kunsi, pakatikati pa mpatawo. Zitsulo zakunsi sizilumikizidwa pamenepo. Pamwamba pa chipilala kapena khoma lochirikiza, zokokeka ndi zitsulo zakumtunda, choncho izonso sizilumikizidwa pamenepo. Ndiponso malapu onse asaunjikane pamalo amodzi, chifukwa amenewo amasanduka malo ofooka a bimu yonse. Za kuwotcherera, ndinene mwachidule: wowotcherera mageti asakhudze zitsulo za bimu pokhapokha injiniya atavomereza ndi kunena kawotchereredwe kake, chifukwa kutentha kumatha kufooketsa chitsulo pamalo owotchererawo.

Nyumba ya mamita 14 kwa 9

Tiyerekeze nyumba yotalika mamita 14, m'lifupi mamita 9. Pamwamba pa mawindo padzazungulira bimu ya mamilimita 230 m'lifupi ndi 230 msinkhu, yokhala ndi ma Y12 anayi, awiri kunsi awiri kumtunda. Tingowerengera makoma akunja okha.

Mwininyumba amawerengera chonchi. Kuzungulira nyumba yonse ndi mamita 46. Zitsulo zinayi, ndiye mamita 184. Kugawa ndi 12 kukupereka 15 ndi kachidutswa, choncho agula 16, n'kumadzimva kuti wasiyako ndi kapadera komwe.

Tsono tiyende ndi bimuyo monga amayendera womanga zitsulo. Khoma la mamita 14 silingathe ndi chitsulo chimodzi. Pafunika chathunthu cha mamita 12, ndi chidutswa chokwaniritsa mamita 2 otsalawo, kuphatikizapo lapu ya mamilimita 600. Chidutswacho chikhala cha mamita 2.6. Makoma aatali ndi awiri, lililonse zitsulo zinayi, ndiye malapu asanu ndi atatu, amene akudya mamita 4.8.

Kenako makona. Apa ndi pamene ambiri amaiwala, pomwe ndi pamene pagona ntchito ya bimu yozungulira. Zitsulo ziwiri zongokumana nsonga pakona sizinalumikizane, ndipo nthaka ikagwedezeka makoma amatha kusiyana pamenepo. Anthu a ku Karonga anaziona nyumba zikung'aluka ndi kugwa pa zivomerezi za mu Disembala 2009, ndipo dziko lathu lonse lili m'chigwa chimene zivomerezi sizichilendo. Bimu imene siinagwirane pakona ndi zidutswa zinayi za konkire zongogona pa makoma, si lamba womanga nyumba. Njira yodziwika ndi kupinda chidutswa ngati chilembo cha L, mwendo uliwonse mamilimita 600, kuti chigonerane ndi chitsulo cha khoma ili ndi cha khoma ilo. Chidutswa chimodzi ndi mamita 1.2. Makona anayi, paliponse zidutswa zinayi, zikukwana 16, amene ndi mamita 19.2.

Tikaphatikiza, mamita 184 aja asanduka 208. Owonjezera ndi mamita 24, zitsulo ziwiri zathunthu, kapena kuti 13 pa 100 iliyonse. Anthu amakonda kunena kuti ungowonjezera 10 pa 100 basi zikwana. Pa bimu iyi sizikanakwana. Ndipo kumbukirani kuti makoma am'kati sitinawakhudze. Paliponse pamene bimu ya khoma lam'kati ikukumana ndi yakunja, zitsulo zake zinayi ziyenera kupindika n'kulowa mamilimita 600 chilichonse, amene ndi mamita 2.4 pa mphambano imodzi. Nyumba ya zipinda zambiri imamwa zitsulo m'mphambano zimenezi.

Koma ngakhale mamita 208 sakutiuza zonse, chifukwa ku hadiweya simugula mamita. Mumagula zitsulo za mamita 12, ndipo funso lenileni ndi lakuti zidutswa zanu zituluka bwanji m'menemo. Tizilembe. Tikufuna zathunthu 8. Tikufuna za mamita 9 zokwana 8, za makoma aafupi. Tikufuna za mamita 2.6 zokwana 8, ndi za mamita 1.2 zokwana 16. Mukadula mamita 9 pa chitsulo, pamatsala mamita 3, ndipo m'chotsalacho mutuluka bwinobwino chidutswa cha 2.6. Choncho zitsulo 8 zatipatsa mitundu iwiri nthawi imodzi, n'kungotaya masentimita 40 chilichonse. Za ma L zituluka khumi pa chitsulo chimodzi ndi zisanu ndi chimodzi pa chinzake. Zonse pamodzi ndi 8 kuphatikiza 8 kuphatikiza 2, zitsulo 18, ndipo patsala chidutswa cha mamita 4.8 choti chikagwire ntchito pena. Kuti malapu asaunjikane, pa khoma lalitali lililonse zitsulo ziwiri zilumikizidwe chakumapeto uku, ziwiri zinazo chakumapeto uko, mongotembenuza kayalidwe.

Taonani tsopano zimene zimachitika mmisiri akayamba kudula wopanda ndondomeko. Iye akuona kuti n'zooneka bwino kulumikiza pakati penipeni pa khoma, ndiye akudula zidutswa ziwiri za mamita 7.3 pa mzere uliwonse. Lapu yake ndi yokwana, mamilimita 600, palibe chinyengo. Koma pa chitsulo cha mamita 12 pamatuluka chidutswa chimodzi chokha cha 7.3, n'kutsala mamita 4.7. Makoma aatali okha adya zitsulo 16, aafupi adya 8, zonse 24, ndipo pambali pa nyumba paunjikana mulu wa zidutswa. Nyumba yomweyo, bimu yomweyo, lapu yomweyo: wina 18, wina 24. Kusiyana konseko kwabwera ndi pamene sowo inadutsa. Pamwamba pa izo, malapu ake onse akhala pamalo amodzi.

Pa zipilala nkhaniyi imaluma kwambiri. Chipilala chotalika mamita 3 chimaoneka ngati chikugawa bwino chitsulo cha mamita 12, zidutswa zinayi ndendende. Koma ngati nyumbayo ndi yosanjikizana, chitsulo chilichonse chiyenera kutulukira pamwamba pa silabu kuti chidzagonerane ndi cha chipilala chakumtunda. Pa Y16 ndi mamilimita 800, choncho chidutswa ndi mamita 3.8, ndipo pa chitsulo chimodzi pamatuluka zitatu zokha. Zipilala 12 za zitsulo zinayi chilichonse zimafuna zidutswa 48, amene ndi ma Y16 okwana 16, osati 12. Mukaona nyumba zosatha m'tauni zili ndi tizitsulo totulukira pamwamba totalika ngati chikhatho, dziwani kuti tsiku lopitiriza kumanga padzafunika kugumula konkire kapena kuitana injiniya kuti apeze njira ina yolumikizira.

Mpata wa mamilimita 25

Tibwere ku kava. Konkire watsopano ali ndi ukali wa laimu umene umaletsa chitsulo kuchita dzimbiri. Koma mpweya wa kaboni umene uli m'mlengalenga umalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja, n'kumathetsa ukaliwo. Ukafika pa chitsulo, ndipo chinyontho chilipo, dzimbiri limayamba. Dzimbiri limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limakankha konkire kuchokera m'kati mpaka kumuthetheula. Chochititsa chidwi ndi kayendedwe ka mpweyawo: umalowa msanga poyamba, kenako n'kumachedwa pamene ukuzama. Zotsatira zake n'zakuti kava ikachepa ndi theka, zaka zoti chitsulo chikhale chotetezeka sizichepa ndi theka, zimatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kava imatetezanso chitsulo ku moto, ndipo monga taonera, ndi imene imapatsa lapu pogwira.

Manambala ake amadalira malo. Silabu yam'kati mwa nyumba kawirikawiri imapatsidwa mamilimita 20 mpaka 25, mabimu ndi zipilala 25 mpaka 30 kapena kuposapo ngati zili pamvula, maziko oyalidwa kaye konkire wopyapyala pansi 40 mpaka 50, ndipo pothira konkire pa dothi lenilenilo 75. Poyeza, tepi imayambira pa thabwa kufika pa chitsulo chimene chili kunja kwenikweni, chomwe pa bimu ndi ring'i, osati Y12.

Apa ndi pamene kava imalowa mu oda ya zitsulo. Pa zitsulo zowongoka imangochotsako mamilimita 25 uku ndi uku, zosasintha chiwerengero cha zogula, ngakhale wodula ayenera kuzikumbukira kuti nsonga zisagunde thabwa. Koma pa maring'i imasintha zambiri, chifukwa maring'i ndi ochuluka. Bimu yathu ya 230 kwa 230, tikachotsa 25 mbali iliyonse, imafuna ring'i ya 180 kwa 180. Mbali zinayi ndi mamilimita 720, kuphatikiza timbedza tiwiri ta mamilimita 75, zikukwana pafupifupi 870. Pa R6 wa mamita 12 pamatuluka maring'i 13. Tikawaika motalikirana mamilimita 200 pa mamita 46, akufunika pafupifupi 230, amene ndi zitsulo 18.

Amisiri ena amakonda ring'i yaikulu, ya 200 kwa 200, poganiza kuti bimu yodzaza chitsulo ndiye yolimba. Ring'i imeneyo imadya mamilimita 950, ndipo pa chitsulo pamatuluka 12 okha, choncho mufunika zitsulo 20. Mwalipira ziwiri zowonjezera kuti mugule kava ya mamilimita 15, imene siikwana ngakhale kuti mwala wa kwale wa mamilimita 19 udutse pakati pa chitsulo ndi thabwa. Pochotsa matabwa mudzapeza zibowo ngati chisa cha njuchi, anyamata n'kuzimata msangamsanga ndi matope a simenti bwana asanafike. Funsaninso kutalika kwa R6 amene akugulitsani. Ngati ndi wa mamita 6, pamatuluka maring'i asanu ndi imodzi, ndipo chotsala chimapelewera pang'ono kukwana yachisanu ndi chiwiri. Awiri a mamita 6 amapereka 12, pamene mmodzi wa mamita 12 amapereka 13.

Timabuloko tonyozeka

Ring'i yoyezedwa bwino siikhala yokha pakati pa bokosi. Zitsulo n'zolemera, zimagona pansi, ndipo konkire akamathiridwa amazikankhira ku thabwa limodzi. Chimene chimasunga mpatawo ndi timabuloko tating'ono ta simenti, masipesa, tomangiriridwa ku chitsulo.

Kapangidwe kake n'kosavuta, kungoti kamafuna kuyambiratu. Pa thabwa losalala mumakhoma timatabwa m'mbali tonenepa mamilimita 25, kapena mulingo uliwonse wa kava imene mukufuna. Mumasakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso iwiri ya mchenga wosefa, madzi pang'ono, n'kutsendera bwino mpaka kulingana ndi timatabwato. Matopewo akayamba kugwira koma asanaume, mumawalemba ndi mpeni timagawo ta masentimita anayi kapena asanu, n'kuzika pa kagawo kalikonse kawaya kopinda pakati, nsonga zake ziwiri zili m'mwamba. Mawa lake mumatithyola n'kutiviika m'madzi kwa sabata. Sabata imeneyi ndi imene imavuta. Masipesa opangidwa dzulo amafumbutuka munthu akangoponda zitsulo, ndipo ofooka amamwa madzi n'kuwafikitsa pa chitsulo. Sipesa iyenera kulimba mofanana ndi konkire amene idzakhalemo. N'chifukwa chake pa ntchito zikuluzikulu mainjiniya ena salola opangira pamalo, amafuna ogula, a pulasitiki kapena a konkire wa kufakitale.

Masipesa akasowa, anthu amatola chilichonse. Chidutswa cha njerwa chimamwa madzi. Kamtengo kamawola n'kusiya bowo. Mwala wa kwale umagubuduka konkire akangoukhudza, ndipo miyala siifanana kukula. Chidutswa cha chitsulo ndiye choipitsitsa, chifukwa chimagunda thabwa, chimayamba dzimbiri panja n'kulilowetsa m'kati. Palinso chizolowezi choti mnyamata mmodzi aziyenda ndi ngowe n'kumanyamula zitsulo pamene anzake akuthira. Ine chimenechi sindichikhulupirira m'pang'ono pomwe. Iye akunyamula zitsulo zimene wazipondanso yekha, ndipo wilibala ikadutsa zimabwerera pansi.

Pa silabu, masipesa amaikidwa motalikirana pafupifupi theka la mita mbali zonse, ndiye anayi pa sikweya mita. Silabu ya nyumba yathu ija ikanafuna pafupifupi 500. Pa bimu yozungulira, awiri pansi ndi imodzi mbali iliyonse pa mita iliyonse akukwana pafupifupi 200. Nsonga za waya womangira zipindidwire m'kati, chifukwa kawaya kogunda thabwa kamadzatulutsa kadontho ka dzimbiri pa siling'i.

Kava yopitirira nayo ndi vuto, makamaka pa silabu. Mphamvu ya silabu imadalira mtunda wochokera pamwamba pake kufika pa zitsulo zakunsi. Pa silabu ya mamilimita 150 yokhala ndi Y10 ndi kava ya 25, mtundawo ndi 120. Wina akaika masipesa a mamilimita 50 amene anatsala ku maziko, mtundawo utsika kufika pa 95, ndipo silabuyo yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yake, zitsulo zili zomwezo.

Pali zochirikiza zina zimene zimapangidwa ndi chitsulo chenicheni, ndipo zimenezi zimaiwalika pa oda pafupifupi nthawi zonse. Zitsulo zakumtunda kwa silabu sizingakhale pa timabuloko. Zimakhala pa timipando topindidwa kuchokera ku Y10 kapena Y12, toima pa zitsulo zakunsi. Kampando kamodzi kamadya chitsulo chosachepera theka la mita, ndipo kamafunika pafupifupi pa sikweya mita iliyonse. Ngati malo okhala ndi zitsulo zakumtunda ndi masikweya mita 40, ndipo kampando kalikonse kakudya masentimita 75, amenewo ndi mamita 30, zitsulo zitatu. Pa khonde lam'mwamba lotulukira kunja popanda chipilala, timipando timeneti ndi nkhani ya moyo. Khonde lotero limakokeka kumtunda, pamene lalumikizana ndi nyumba. Zitsulo zake zikaponderezedwa n'kutsikira pansi, zimakhala kumbali imene sizikufunika, ndipo khonde likhoza kuthyoka tsiku lochotsa mitengo yochirikiza.

Zizindikiro, ndi tsiku loti muone

Kava yochepa imadziulula patapita zaka. Pa bimu kapena kunsi kwa silabu pamaoneka mizere yofiirira yotalikirana mofanana, ndipo mukaiyeza mupeza kuti ikutsata maring'i kapena zitsulo za m'katimo. Pakona pa chipilala pamabwera mng'alu woyenda molunjika ndi chitsulo. Mukagogoda ndi hamala pamamveka phokoso la m'phako, kenako chibanthu chimagwa n'kusiya chitsulo poyera. Lapu yaifupi ndiyo siichenjeza kawirikawiri. Chitsulo chathunthu chikalemedwa mopitirira chimatamuka kaye, bimu n'kuwerama, ming'alu n'kuoneka, anthu n'kupeza nthawi yothawa. Lapu yaifupi imang'amba konkire n'kusololoka mwadzidzidzi.

Choncho nthawi yoona ndi imodzi yokha: zitsulo zitamangidwa, matabwa atakhomedwa, konkire asanasakanizidwe. Mwininyumba safunika sukulu ya uinjiniya pa tsiku limeneli, tepi yokha ndi yokwanira. Yezani lapu iliyonse, chifukwa pa bimu ngati yathuyi malapu si ambiri. Suzumirani pakona paliponse muone ngati ma L alipo onse anayi. Lowetsani dzanja mugwedeze zitsulo, ndipo ngati zikugunda thabwa, masipesa achepa. Ngati nyumbayo ndi yosanjikizana, kapena ili ndi silabu kapena khonde lotulukira, injiniya abwere adzaone yekha, ndipo mumupemphe pepala la kadulidwe ndi kapindidwe ka zitsulo musanapite ku hadiweya. Pepala limenelo limalemba chidutswa chilichonse, kutalika kwake, maonekedwe ake ndi kuchuluka kwake. Pa nyumba yaing'ono, khalani pansi ndi mmisiri mulembe nokha monga tachitira pamwambapa.

Zitsulo zikatsika mu lole, ziyezeni musanayambe kudula. Kunenepa kumadziwika bwino ndi sikelo: mita imodzi ya Y12 weniweni imalemera makilogalamu 0.888, ya Y10 0.617, ya Y16 pafupifupi 1.58. Kutalikanso kuyezedwe, chifukwa ndondomeko yonse ija yatsamira pa mamita 12. Tiyerekeze kuti zimene zabwera ndi za mamita 11.7. Chidutswa chokwaniritsa khoma lalitali sichikhalanso 2.6, chiyenera kukhala 2.9, ndipo chotsala podula mamita 9 ndi 2.7 chabe, chosakwana. Mukazindikira msanga, mungosintha kadulidwe: m'zotsala za 2.7 zija mutuluke ma L awiriawiri, onse 16 akwana, ndipo zidutswa za 2.9 zituluke zinayizinayi pa zitsulo ziwiri. Chiwerengero chikhalabe 18. Koma mmisiri akadula 2.6 monga mwa pepala osayeza chitsulo chachitalicho, masentimita 30 osowawo achoka pa lapu, ndipo malapu onse asanu ndi atatu a makoma aatali akhala a mamilimita 300 m'malo mwa 600.